Uthenga wa kamphindi pakati pa wotchi ziwiri zosamvana

Mkati mwa rauta ya intaneti, foni ya m'manja kapena makina ojambula m'thupi kuchipatala muli timatchipu tamagetsi, ndipo m'katchipu kalikonse mumagunda wotchi. Wotchi imeneyi siuza munthu nthawi. Ndi waya amene magetsi ake amakwera n'kutsika kambirimbiri pa sekondi, ndipo kukwera kulikonse ndi lamulo lakuti zigawo zonse zichite sitepe imodzi. Chovuta n'chakuti tchipu imodzi sikhala ndi wotchi imodzi. Gawo lolandira uthenga pa chingwe cha Ithaneti yothamanga gigabiti limayendera wotchi yogunda ka 125 miliyoni pa sekondi, pomwe gawo lina la pa bolodi lomwelo likhoza kuyendera wotchi yogunda ka 50 miliyoni. Wotchi ziwirizi sizidziwana. Yoyambayo imatsatira makina otumiza amene ali kumapeto ena a chingwe, mwina m'chipinda china, pomwe yachiwiriyo imachokera ku kamwala kake ka kwatsi. Palibe amene anganene kuti iyi ikagunda, inayo idzagunda liti.

Tsono gawo lina likafuna kuuza linzake mawu amodzi okha, akuti "paketi yafika", zimatheka bwanji? Funso limeneli limaoneka lachibwana, koma lasowetsa tulo mainjiniya ambiri, ndipo yankho lake ndi kadera kakang'ono kotchedwa sinkoronaiza ya togulo.

Mu tchipu, chochitika chimodzi chimalengezedwa ndi palusi: waya amene amakhala pa 0 amakwera kufika pa 1 kwa kugunda kumodzi kokha, kenako n'kubwerera pa 0. Ku mbali ya wotchi ya ka 125 miliyoni, kugunda kumodzi kumatenga mananosekondi 8, ndipo nanosekondi ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka biliyoni. Ku mbali inayo kugunda kumodzi kumatenga mananosekondi 20. Chimene chimalandira uthenga kumeneko ndi filipifulopu, kadera kosunga 0 kapena 1. Filipifulopu siyang'ana waya nthawi zonse. Imasuzumira pa kanthawi kamene wotchi yake yagunda, n'kusunga chimene yaona mpaka kugunda kotsatira. Zonse zochitika pakatipo sizione.

Tiyerekeze kuti wotchi yolandira ikugunda pa nanosekondi 0, 20, 40, 60 ndi 80. Paketi yafika, ndipo palusi yakwera pa nanosekondi 5 n'kutsika pa 13. Filipifulopu inasuzumira pa 0, inapeza 0. Yasuzumiranso pa 20, yapezanso 0. Kwa iyo palibe chachitika, ndipo paketi ija yakhala m'nkhokwe popanda woitola. Popeza palusi imatenga mananosekondi 8 mwa 20, imagwidwa pafupifupi kawiri pa kasanu kalikonse, ndipo katatu imadutsa osaonedwa. Uthenga ukamapita mbali inayo, kuchoka ku wotchi yochedwa kupita ku yofulumira, vuto limatembenuka: palusi ya mananosekondi 20 imaonedwa kawiri kapena katatu, ndipo chowerengera chimalemba zochitika ziwiri kapena zitatu pamene chinachitika n'chimodzi.

Pali vuto lachiwiri, lobisika kwambiri. Filipifulopu imafuna kuti waya akhale bata kanthawi kochepa wotchi isanagunde, ndi kanthawi kenanso itagunda. Wotchi zikakhala zosadziwana, tsiku lina waya adzasintha ndendende pa kanthawi koletsedwako. Zikatero filipifulopu ikhoza kuima pakati, osakhala pa 0 osakhala pa 1, ndipo imatenga nthawi yosadziwika kuti igwere mbali imodzi. Akatswiri amati yalowa m'metasitabilite. Ngati zigawo ziwiri zikuwerenga kwa iyo isanakhazikike, china chikhoza kumva 0 china n'kumva 1, ndipo makina amasokonezeka m'njira imene wowapanga sanailotepo. Kwa zaka zingapo opanga makompyuta ena ankakana kuti zoterezi zimachitika. Mu 1973 Thomas Chaney ndi Charles Molnar a ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America anasindikiza zithunzi za zimene makina oyezera magetsi anaonetsa, filipifulopu ikuzengereza pakati, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyi inayamba kutengedwa mozama.

Mankhwala ake ndi kudikira. Filipifulopu yoyamba imaloledwa kuzengereza, koma palibe wowerenga kwa iyo kupatula filipifulopu yachiwiri, imene imadzasuzumira patapita kugunda kwathunthu. Mwayi woti yoyambayo ikhale isanakhazikikebe umatsika mofulumira kwambiri nthawi ikamapita. Manambala ongoyerekezera akhoza kuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Ngati kanthawi koopsako ndi gawo limodzi mwa 1,000 a kugunda kulikonse, ndipo mapaketi akufika 1.5 miliyoni pa sekondi, filipifulopu yoyamba izisokonezeka pafupifupi ka 1,500 pa sekondi iliyonse. Titenge filipifulopu imene mwayi wake wokhalabe pakati umachepa ka 22,000 pa nanosekondi iliyonse yodikira. Kudikira nanosekondi imodzi kukusiya vuto limodzi pa masekondi 15. Kudikira mananosekondi 2 kukusiya limodzi pa masiku pafupifupi 4. Kudikira 3 kukusiya limodzi pa zaka zoposa 200. Ndiye apa tikudikira pafupifupi mananosekondi 20. Ngozi sinatheretu, koma yakankhidwira kutali kwambiri moti palibe makina amene adzakhale moyo mpaka kukumana nayo.

Apa mpamene ophunzira ambiri amapunthwa. Amaika mafilipifulopu awiri motsatana, n'kuganiza kuti nkhani yatha. Koma awiriwo athetsa kuzengereza kokha. Palusi ya mananosekondi 8 ija ikudutsabe pakati pa kugunda kwa 0 ndi kwa 20, ndipo filipifulopu yoyamba ikapanda kuiona, yachiwiri ilibe chopatsidwa.

Nzeru ya togulo ndi yoti uthenga usatumizidwe ngati kuphethira, koma ngati kusintha kokhalitsa. Taganizirani mayi amene akulima kumunda kutali pang'ono ndi nyumba, ndipo amadzutsa mutu mwa apo ndi apo kuyang'ana kumudzi. Mwana akafuna kumuuza kuti kwabwera mlendo, kukweza dzanja kamodzi sikuthandiza, chifukwa mayiyo akhoza kukhala atawerama. Koma agwirizane kuti mlendo akabwera, mwana ayanike chitenje pachingwe, ndipo akabwera wina, achichotse. Mayiyo safunika kuona nthawi imene chitenje chayanikidwa. Akungofunika kukumbukira mmene chingwe chinalili pamene anayang'ana komaliza. Chikasiyana ndi mmene chilili tsopano, kwabwera munthu.

Mu tchipu, chitenjecho ndi filipifulopu imodzi ya ku mbali yotumiza. Palusi ikabwera, imatembenuka: ikakhala pa 0 imapita pa 1, ikakhala pa 1 imabwerera pa 0, ndipo imakhala pomwepo mpaka palusi ina. Ku mbali yolandira kuli mafilipifulopu atatu motsatana. Awiri oyamba ndi aja odikira. Yachitatu ntchito yake ndi kukumbukira mmene zinalili pa kugunda kwapita. Kumapeto kuli geti ya XOR, imene imatulutsa 1 pokhapokha mawaya ake awiri akasiyana. M'chilankhulo cha Verilog, chimene mainjiniya amalembera madera otere, zonsezi zimakwana m'mizere yochepa:

```verilog
always @(posedge clk_a)
  if (pulse_a) tog <= ~tog;

always @(posedge clk_b) begin
  s1 <= tog;
  s2 <= s1;
  s3 <= s2;
end

assign pulse_b = s2 ^ s3;
```

Tibwerere ku paketi ija. Palusi yakwera pa nanosekondi 5, ndipo pa 13, wotchi yotumiza itagunda, `tog` yachoka pa 0 kupita pa 1. Palusi yazima, koma `tog` yakhalabe pa 1. Pa 20 wotchi yolandira yagunda, `s1` yaona 1. Pa 40 `s2` yatenga 1 uja, pomwe `s3` ikadali pa 0. Awiriwa asiyana, choncho `pulse_b` yakwera. Pa 60 `s3` nayo yafika pa 1, kusiyana kwatha, ndipo `pulse_b` yatsika. Chatuluka ndi palusi imodzi, yotalika mananosekondi 20 ndendende, yoyendera wotchi ya wolandira. Paketi yotsatira idzabweza `tog` pa 0, ndipo XOR idzaonanso kusiyana chimodzimodzi. Kukwera ndi kutsika zonse zikutanthauza chinthu chimodzi.

Nanga `tog` ikasintha ndendende pamene wotchi yolandira ikugunda, pa nanosekondi 20 penipeni? Pamenepo `s1` ikhoza kuzengereza, kenako n'kugwera pa 1 kapena pa 0. Ikagwera pa 1, zonse zikuyenda monga tafotokozera. Ikagwera pa 0, palibe chatayika, chifukwa `tog` ikadali pa 1 ndipo pa 40 idzaoneka mosakayikitsa. Palusi ingochedwa ndi kugunda kumodzi. Ubwino weniweni wa kadera aka ndi umenewu: chisokonezo chimene chikanataya uthenga chasanduka kuchedwa kwa mananosekondi 20 basi. Wopanga makina ayenera kungovomereza kuti sangalonjeze nthawi yeniyeni imene palusi idzatulukire, ndipo chilichonse chodalira palusiyo chisamangidwe pa chiyembekezo choti idzafika pa kugunda kwakutikwakuti.

M'mabuku ndi m'mapulogalamu a opanga matchipu, dzina lakuti sinkoronaiza ya palusi limanena za ntchito yonse, palusi kulowa uku n'kutuluka uko, pomwe togulo ndi njira imene ili mkatimo. Kampani ya Xilinx, imene tsopano ili m'manja mwa AMD, imapereka kadera kokonzeratu kotchedwa `xpm_cdc_pulse` kwa ogwiritsa ntchito matchipu ake a FPGA, ndipo kamagwira ntchito imeneyi. Njira ina imene ena amakonda ndi yotalikitsa palusi ku mbali yotumiza kuti ikhale nthawi yokwanira kuonedwa. Imagwira, koma imadalira kudziwa liwiro la wotchi zonse ziwiri, ndipo tsiku limene wina adzachedwetse wotchi yolandira kuti asunge batire, utali uja sudzakwananso. Togulo siifunsa kuti wotchi yofulumira ndi iti.

Komabe togulo ili ndi malire ake, ndipo imalephera mwa njira yoipa: mwakachetechete.

Tiyerekeze kuti zochitika ziwiri zatsatana mothinana. Choyamba chatembenuza `tog` pa nanosekondi 21, chachiwiri chaibwezera pa 37. Wotchi yolandira inasuzumira pa 20, inapeza 0. Yasuzumira pa 40, yapezanso 0. Sikuti chatayika chimodzi. Zatayika zonse ziwiri, chifukwa chachiwiri chafufuta choyamba. Palibe nyali yofiira imene iyake, palibe uthenga wa vuto. N'chifukwa chake lamulo lofala, limene Clifford Cummings analifalitsa kwambiri m'pepala lake la 2008 lokhudza kuwoloka pakati pa wotchi, limati chizindikiro chikhale chosasintha kwa kugunda kumodzi ndi theka kwa wotchi yolandira. Pa chitsanzo chathu amenewo ndi mananosekondi 30. Ambiri amaonjeza malire n'kufuna kugunda kuwiri kwathunthu, mananosekondi 40, kumene ndi kugunda kasanu kwa wotchi yotumiza. Kuonjezako kuli ndi chifukwa chinanso. Zochitika ziwiri zikaonedwa pa kugunda kotsatana, `pulse_b` imakhala pa 1 kwa kugunda kuwiri osatsika pakati, ndipo dera limene limawerenga kukwera kokha liziona ngati chimodzi.

Injiniya wanzeru amakhala pansi n'kuwerengera asanalumikize waya. Pa Ithaneti ya gigabiti, baiti imodzi imafika pa kugunda kulikonse kwa mananosekondi 8. Paketi yaifupi kwambiri ili ndi mabaiti 64, patsogolo pake pali mabaiti 8 otsegulira, ndipo pakati pa mapaketi pamasiyidwa mpata wa mabaiti 12. Pamodzi ndi 84, kutanthauza kuti uthenga wakuti "paketi yafika" sungabwere kawiri m'kati mwa mananosekondi 672. Poyerekeza ndi 40 amene akufunika, mpata ndi wochuluka zedi, ndipo togulo ikukwanira bwino lomwe. Koma wina akaganiza zogwiritsa ntchito kadera komweko kulengeza baiti iliyonse, wasochera, pakuti mabaiti amabwera mananosekondi 8 aliwonse. Ntchito imeneyo ndi ya nkhokwe ya mzere yotchedwa FIFO, imene zowerengera zake zimawoloka m'ndondomeko ya Gray, yotchedwa dzina la Frank Gray wa ku Bell Labs, mmene nambala iliyonse imasiyana ndi yotsatira pa waya mmodzi yekha.

Pamene palibe chitsimikizo cha mpata, wotumiza amafunika kuuzidwa kuti uthenga wafika. Njira yake ndi kutenga `s2` kapena `s3` n'kuibweza ku mbali yotumiza kudzera m'mafilipifulopu ena awiri oyendera wotchi ya kumeneko. Chobwereracho chikasiyana ndi `tog`, ndiye kuti uthenga ukadali panjira, ndipo waya wonena kuti "dikira" amakhala pa 1. Zikafanana, njira yatseguka. Mainjiniya amati uku ndi kugwirana chanza. Mtengo wake ndi nthawi: kugunda kuwiri kapena kutatu kupita, kuwiri kapena kutatu kubwerera, zimene pa wotchi zathuzi zikhoza kufika cha m'ma mananosekondi 80. Ndipo wopanga ayenerabe kusankha chochita ndi chochitika chimene chafika njira ili yotseka, kaya kuchisunga m'chowerengera kapena kuchitaya n'kulemba kuti chatayidwa. Kungochinyalanyaza ndi kubweza vuto lomwe lija pakhomo lina.

Msampha wina umene umakola ngakhale akatswiri ndi riseti, lamulo lobweza dera pachiyambi. Togulo ilibe malo opumira. Kukhala pa 1 sikutanthauza kuti pali uthenga, kukhala pa 0 sikutanthauza kuti palibe. Ndiye tiyerekeze kuti zadutsa zochitika zitatu, `tog` ili pa 1, ndipo mafilipifulopu atatu a uko onse ali pa 1. Wina wazula chingwe cha Ithaneti, ndipo gawo lotumiza lokha labwezedwa pachiyambi. `tog` yagwa pa 0. Wolandira waona kusintha, watulutsa palusi, ndipo makina apita kukatola paketi imene kulibe. Kubweza mbali yolandira yokha kumabala zomwezo, chifukwa mafilipifulopu ake ayambira pa 0 n'kupeza `tog` ili pa 1. Choncho mbali ziwirizi zibwezedwe limodzi, kapena wolandira atseke makutu kwa kugunda kungapo riseti ikatha. Vuto limeneli limaoneka pa theka la maulendo okha, pamene chiwerengero cha zochitika chinali chosagawika ndi 2, ndipo n'chifukwa chake limazunza pofufuza.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene sitiyenera kunyozedwa. Waya wowoloka achoke mwachindunji pa filipifulopu, osadutsa m'mageti ena, chifukwa mageti amatha kuphethira kanthawi kochepa asanakhazikike, ndipo wolandira akhoza kugwira kuphethirako n'kukuyesa uthenga. XOR isalumikizidwe pa `s1`, ngakhale kutero kumaoneka ngati kupulumutsa kugunda kumodzi, pakuti `s1` ndi ija yololedwa kuzengereza. Ndiponso `s1` ndi `s2` zikhale moyandikana mu tchipu, chifukwa nthawi imene magetsi ataya m'waya wautali yachotsedwa pa nthawi yodikira ija, ndipo taona kale mmene nanosekondi imodzi ilili yodula. Pa mapulogalamu a Xilinx, chizindikiro cha `ASYNC_REG` chimauza pulogalamu yoyala dera kuti isawalekanitse. Ran Ginosar wa ku Technion ku Israel analemba pepala mu 2003 losonkhanitsa njira 14 zimene anthu amawonongera sinkoronaiza, ndipo zambiri mwa izo zimachokera pa mtima wofuna kuchenjera kuposa dera losavutali.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti china chalakwika? Kuyesa pa kompyuta kokha sikukwanira, chifukwa pulogalamu yoyesera wamba imatenga filipifulopu ngati chinthu chosankha 0 kapena 1 nthawi yomweyo. Choipanso, woyesa akaika wotchi ziwiri zogunda mogwirizana bwino, monga 8 ndi 20 zoyambira pamodzi, zimangobwereza kakumanidwe komweko mananosekondi 40 aliwonse, ndipo kakumanidwe koopsa sikafika. Pa bolodi lenileni sizikhala choncho. Muyezo wa Ithaneti umalola wotchi kuphonya ndi magawo 100 pa miliyoni, choncho wotchi ziwirizo zimatsetserekana pang'onopang'ono mpaka kudutsa kakumanidwe kalikonse kotheka. Woyesa wabwino amapotoza dala liwiro la wotchi imodzi pang'ono, ndipo amapangitsa `s1` kuchedwa ndi kugunda kumodzi mwa apo ndi apo kuti aone ngati dera lotsatira lipirira.

Njira yotsika mtengo koma yamphamvu ndi kuika zowerengera ziwiri, china chowerenga mapalusi olowa, china otuluka, n'kuziyerekeza makina ataima. Kasiyanidwe kake kamaloza kumene kuli nthenda. Wolandira akamaperewera ndi 2, 4 kapena 6, nthawi zonse nambala yogawika ndi 2, ndiye kuti zochitika zikuthinana ndipo togulo ikudzifufuta. Akapitirira ndi 1 chingwe chikangozulidwa n'kubwezeredwa, wolakwa ndi riseti. Akamalandira pafupifupi ziwiri pa zisanu zilizonse, palibe togulo konse, palusi ikungoponyedwa m'mafilipifulopu awiri. Ndipo zolakwa zikamabwera kamodzikamodzi, n'kumasintha bolodi likatentha kapena magetsi akatsika pang'ono, maso apite pa `s1`: mwina wina akuwerenga kwa iyo, kapena yaikidwa kutali ndi inzake.

Wophunzira zamagetsi amene ali ndi bolodi la FPGA akhoza kuona zonsezi ndi maso ake masana amodzi. Alembe mizere ili pamwambayi, aike zowerengera ziwirizo, ndipo ayambe ndi mapalusi otalikirana mananosekondi 80. Kenako azichepetsa mpatawo ndi 8 ulendo uliwonse. Manambala awiriwo ayendera limodzi mpaka mpata utafika pa 24, koma ukatsika pa 16, kuchepera kugunda kumodzi kwa wolandira, chowerengera chachiwiri chiyamba kutsalira ziwiriziwiri.